Kulondolera takisi ku Chirimba: zolemba za ulendo wa ku Blantyre

Lachitatu

Ndafika mu Blantyre dzuwa litapendeka, ndatsikira pa Wenela. Ndabwerera chinkhoswe cha mwana wa azakhali anga a ku Chirimba, chimene chichitike Loweruka, ndipo abale andipatsa ntchito yolondolera alendo kuti afike pakhomo osasochera. Ena akuchokera ku Zomba, ena ku Mulanje, ndipo amalume atsikira pabwalo la ndege la Chileka. Ambiri adzakwera takisi, ndiye mawu amene ndiwapatse ndi amene iwo adzauze dalaivala.

Kwathu ku Lilongwe timayamba ndi nambala ya eriya. Kuno misewu ya m'tawuni ili ndi mayina ake, Victoria Avenue, Haile Selassie, Glyn Jones, koma ukangolowa m'makomboni mayina amathera pomwepo. Msewu wa kwa azakhali ulibe dzina, ndipo nyumba yawo ilibe nambala pageti.

Adalaivala amene ndawapeza panja pa depoti, bambo wachikulire wa Sienta yotuwa, sanafulumire kutchula mtengo. Nditati ku Chirimba, iwo anati, "Chirimba yake iti, achemwali? Tisanafike pamsika kapena titadutsa? Mbali ya Michiru kapena mbali inayi?" Nditayankha, anafunsanso ngati tikasiya tala, fumbilo ndi lalitali bwanji, ndiponso ngati pakhomopo pali malo otembenuzira galimoto. Mafunso amenewa ndi a mtengo. Msewu wa fumbi wokwera phiri umadya mafuta ndi mateyala, ndipo dalaivala amene mwamubisira zimenezi mumakangana naye pageti, alendo akuonerera. Ndawauza zoona zake, tagwirizana tisananyamuke.

Tadzera pa Kandodo Kona, Mbayani, Chemusa, mpaka Chirimba. Njira yonse ndimayang'ana panja ngati munthu amene sanadutsepo, kuona zimene diso la mlendo lingagwire galimoto ikuyenda.

Lachinayi

Lero ndayenda wapansi kuchokera pamsewu waukulu mpaka pakhomo, kubwerera, n'kuyendanso ndi kope m'manja. Mwana wa azakhali wamng'ono amandiperekeza, ndipo iye ndi amene wandionetsa vuto lenileni. Nditamufunsa kuti amawauza bwanji anzake, anati, "Ndimangoti afike pa mango paja, akhote, ndi pompo." Kwa iye mtengo wa mango ndi umodzi, umene amaseweramo. Ine m'njira yomweyo ndaona mitengo ya mango yambirimbiri. Munthu wokhala pamalo amatchula zimene amazikonda ndi kuzizolowera, pamene dalaivala akufuna chinthu chimene angachione ali pampando wake, akupewa maenje ndi akabaza.

Choncho chizindikiro chilichonse ndimachiyesa ndi mafunso angapo. Kodi chikuoneka kuchokera mumsewu, munthu asanachidutse? Kodi m'njiramo chilipo chimodzi chokha? Kodi mawa chidzakhalapo? Nanga usiku?

Zambiri zagwa pamenepa. Mayi wogulitsa tomato pamphambano amakhalapo m'mawa, madzulo amakhala atalongedza. Mulu wa mchenga ndi njerwa udzatha akangomanga. Golosale yopaka utoto wofiira ya Airtel kapena wobiriwira wa TNM imaoneka bwino, koma zilipo zochuluka moti ukati "pa okala yofiira" wangomupatsa dalaivala zisankho zisanu. Makiyosiki a madzi nawonso amafanana, ngakhale kuti pano ndasiya imodzi chifukwa yayima yokha pakona ndipo masana onse pamakhala mzere wa zidebe. Zimene zapambana ndi chigayo, tchalitchi chokhala ndi chikwangwani, thiransifoma ya magetsi yokhala pamapolo awiri, ndi kamlatho. Chigayo ndimachikonda kwambiri: chimamveka usanachione, khoma lake limayera ndi ufa, ndipo aliyense wa m'deralo, ngakhale mwana, amachidziwa. Tchalitchi chimafunika kutchula mpingo wake, chifukwa mumsewu umodzi wa m'komboni mungakhale mapemphero anayi.

Chinthu china ndi kawerengedwe ka mphambano. Ukati "mukhote njira yachiwiri", woyenda pansi amawerenga tinjira tonse todutsa pakati pa nyumba, pamene dalaivala amawerenga zokhazo zimene galimoto ingalowe. Pakati pa tala ndi chigayo ndawerenga tinjira tisanu ndi kamodzi, koma misewu yolowa galimoto ndi iwiri yokha. Ndaganiza zosiyiratu kuwerenga. Pokhota paliponse ndapamangirira pa chinthu chooneka, ndipo ndanena ngati ukhota usanachifike kapena utachidutsa. Mawu awiriwa, "musanafike" ndi "mukadutsa", ndi amene amasiyanitsa geti lolondola ndi geti la anthu ena.

Za mtunda, anthu kuno amati "ndi pafupi" kapena "ndi pompano" ngakhale pali kuyenda kwa mphindi makumi awiri. Mamita sathandizanso kwenikweni, pakuti ndi ochepa amene amawaona m'maso. Ine ndayezera ndi bwalo la mpira, limene kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100 ndipo aliyense amalidziwa. Kuchoka pa tala kufika pachigayo ndi mabwalo atatu. Kuchoka pachigayo kufika pageti ndi limodzi ndi theka. Dalaivala akadziwa zimenezi amadziwanso nthawi yoyamba kukayika. Akayenda mabwalo asanu osaona chigayo, ayima n'kuyimba foni m'malo mopitirira mpaka kuphiri.

Ndawonjezanso chizindikiro chouza munthu kuti wapitirira. Anthu ambiri salemba chimenechi, koma kwa ine n'chofunika kuposa zina zonse. Kuseri kwa nyumba ya azakhali msewu umatsetsereka kukafika pakamlatho ka matabwa kamene galimoto siyingawoloke, ndipo pamenepo palibe potembenukira. Wofika apo amabwerera chambuyo chokwera. Ndi bwino kumuuza asanatsetsereke.

Madzulo ndalemba uthenga uwu ndi kuutumiza pa WhatsApp kwa onse:

"Uzani adalaivala kuti mukupita ku Chirimba, msewu wa Chemusa. Ngati mukuchokera m'tawuni, mudutse msika wa Chirimba. Ngati mukuchokera ku Kameza, musafike pamsika. Pali thiransifoma ya pamapolo awiri mbali ya phiri la Michiru. Siyani tala pamenepo, mulowe fumbi moyang'ana phirilo. Mukwere mtunda wa mabwalo atatu a mpira mpaka pachigayo. Mukadutsa chigayo, khotani mbali imene kuli kiyosiki ya madzi. Muona tchalitchi cha CCAP chaching'ono; geti lakuda loyang'anizana nacho ndi lathu. Msewu ukayamba kutsetsereka, mwapitirira. Mukafika pathiransifoma ndiyimbireni."

Azakhali ataumva akuti ndi wautali. Ndawauza kuti uthenga wautali umawerengedwa kamodzi, pamene waufupi umamaliza mayunitsi.

Lachisanu

Muuthenga uja mulibe "kumanja" kapena "kumanzere", ndipo lero zaoneka chifukwa chake.

Amalume atera ku Chileka masana, pafupifupi makilomita 16 kuchokera m'tawuni. Foni yawo inalibe intaneti, ndiye uthenga wanga sanauone. Atakwera takisi ya pabwalo la ndege anayimbira msuweni wanga, amene anawalongosolera momwe amachitira masiku onse akamachokera kuntchito m'tawuni: mukaona thiransifoma, mukhote kumanzere. Kwa wochokera m'tawuni zimenezo n'zoona, chifukwa Michiru amakhala kudzanja lamanzere. Koma wochokera ku Chileka amafika paraundabauti ya Kameza n'kulowa Chirimba kuchokera kumpoto, ndipo kwa iye phirilo lili kumanja. Adalaivala anamvera bwinobwino zimene anauzidwa, anakhota kumanzere kwawo, n'kulowa mbali ina ya msewu. Kumeneko anapezanso chigayo, pakuti komboni iliyonse ili ndi zigayo zake, ndipo chimenecho chinawalimbitsa mtima kuti ali m'njira.

Foni itafika kwa ine, anthu atatu anali atayankhula kale ndi dalaivalayo, aliyense ndi chizindikiro chake, ndipo mawu ake anali ataphwa. Ndinapempha amalume kuti amupatse foni ndiyankhule naye mwini wake, ndipo ena onse asiye. Malangizo odutsa mwa mlendo wosadziwa malo amafika kwa dalaivala atathyoka pakati.

Sindinayambe ndi kumuuza kopita. Ndinayamba ndi kufunsa.

"Achimwene, mwayima pati? Mukuona chiyani kutsogolo kwanu?"

"Ndili pachigayo, mayi. Koma kiyosiki mukunenayo sindikuyiona."

"Phiri la Michiru lili mbali iti?"

"Lili kumbuyo kwanga."

Basi, zinadziwika. Wobwera kwa azakhali amakhala akuliyang'ana phirilo kuchokera pomwe wasiyira tala. Ndinamupempha kuti abwerere pathiransifoma, awoloke msewu waukulu, alowe fumbi lambali inayo. Iye anafuna kuti ndimuuze njira yachidule kuchokera pomwe analipo, koma ndinakana. Munthu akasochera, chothandiza ndi kumubwezera pachizindikiro chomaliza chimene nonse awiri mukugwirizana kuti ndi chomwecho. Ukayamba kumulondolera kuchokera pamalo amene iwe sukuwaona, nonse mwasochera. Patapita mphindi zochepa takisiyo inali pageti, ndipo dalaivalayo tinamuwonjezera kangachepe ka mafuta, chifukwa kulakwa sikunali kwake.

Blantyre ndi mzinda wabwino kulondolerana motere chifukwa wazunguliridwa ndi mapiri, Michiru, Ndirande, Soche, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo pafupifupi paliponse ukakweza maso umaona limodzi. Phiri silisintha kaya wachokera mbali iti. Chimodzimodzi kukwera ndi kutsika: makomboni ambiri ali m'mphepete mwa mapiri, ndiye ukafunsa dalaivala ngati akukwera kapena akutsetsereka, umadziwa msanga ngati walunjika koyenera. Kumanja ndi kumanzere n'zogwiritsa ntchito ukakhala m'galimoto momwemo, kapena ukanena kaye kuti "mukamachokera kwakuti".

Madzulo msuweni wina wa ku Zomba anati tikudzivutitsiranji, ndingomutumizira lokeshoni pafoni. Ndinamutumizira, koma ndinayimirira pathiransifoma potumizapo, osati pakhomo. Mapu a pafoni amathandiza kwambiri pa tala. Ukalowa m'komboni amatha kuonetsa kanjira ka wapansi ngati msewu, ndipo kwa azakhali njira imene imaoneka yaifupi ndi yodzera pakamlatho ka matabwa kaja. Kadontho kakakhala pakhomo, foni imasankha yokha njira. Kakakhala pomwe tala athera, kamafikitsa dalaivala pamalo olondola olowera fumbi, ndipo zotsalazo amamaliza ndi mawu.

Loweruka

Chinkhoswe chayenda bwino, nkhuku yagawidwa, nthungululu zamveka mpaka kuchigayo. Za mwambowo ndidzalemba padera.

M'mamawa tinamangirira chitenje chachikasu papolo ya pafupi ndi thiransifoma, ndi chikatoni cholembedwa kuti "Kuchinkhoswe" chokhala ndi muvi. Mnyamata wina wa pasiteji ya kabaza anatichenjeza kuti kumtunda kuli chinkhoswe china lero lomwe, ndiye tinalembaponso dzina la banja. Anyamata a kabaza amenewa ndi amene amalidziwa dera kuposa wina aliyense. Ndinawapatsa moni, ndinawauza kuti kwa azakhali kubwera alendo, ndipo tsiku lonse akhala akuloza magalimoto ndi dzanja. Galimoto imodzi anachita kuitsogolera ndi njinga yamoto mpaka pageti, mwini wake n'kulipira ngati wakwera.

Apa pali kanthu kamene alendo ambiri sakadziwa. Dalaivala akatsitsa galasi kuti afunse, dzina limene lili pachiphaso cha mwini nyumba silimuthandiza. Azakhali anga m'deralo amadziwika ndi dzina la mwana wawo woyamba, ndiponso kuti ndi amayi osoka mayunifomu a sukulu. Takisi ina inafunsa ndi dzina la bambo a pakhomopo, amene amachoka m'bandakucha n'kubwera usiku, ndipo anthu anangopukusa mitu. Atati "kwa amayi osoka mayunifomu", ana atatu anathamanga kutsogolo kwa galimoto. Paja amati safunsa anadya phula, koma wofunsayo ayenera kupatsidwa dzina loti afunsire. Ndaliwonjezera muuthenga uja.

Vuto lalikulu linabwera kutada. Kunagwa mvula ya mphindi zochepa koma yamphamvu, ndipo magetsi anazima. Takisi zimene tinaziyitana kuti zidzatenge alendo zinapeza Chirimba wina. Chigayo chinali chete, kiyosiki yotseka yopanda chidebe ndi chimodzi chomwe, chikwangwani cha tchalitchi chosaoneka, ndipo geti lakuda usiku silisiyana ndi labuluu kapena lobiriwira. Phiri nalonso linabisika. Mwa zizindikiro zanga zonse, zimene zinatsala ndi zimene galimoto imazimva kapena nyali zake zimaziwalira chapafupi: pomwe tala athera, mapolo awiri a thiransifoma, kukwera kwa msewu, ndi ngalande ya simenti imene galimoto imagwedezeka poyidutsa patsogolo pa chigayo. Ngalandeyo masana sindinayiwerengere n'komwe. Usiku ndi imene inagwira ntchito: "Mukamva galimoto yadumpha ngalande, chepetsani liwiro, mukhote mbali imene mukuona tochi."

Tochiyo anagwira ndi achimwene anga aakulu, atayima pakona ndi ambulera. Usiku sitituma mwana kumsewu, ndipo dalaivala naye amakhazikika mtima akaona munthu wamkulu amene wamuuza pafoni kuti wavala jekete yoyera. Madalaivala ambiri amaopa kuyitanidwa mumdima kumalo kumene sakukudziwa, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Ndi chifukwa chake tinkawauza dzina la woyitana, chiwerengero cha okwera ndi kumene akupita, asananyamuke.

Mmodzi atafika pathiransifoma anakana kulowa fumbi. Anati galimoto yake ndi yotsika, matope a pamtunda uja ayiterereka, ndipo akatitimira palibe womukoka usiku uno. Sindinalimbane naye. Alendo ake anatsika wapansi ndi tochi mpaka pa tala, agogo awiri okha ndi amene tinawadikirira galimoto yokwera ya aneba. Nyengo ya mvula, malangizo abwino amanenanso malo okumanirana ngati msewu wakana.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi ndaperekeza alendo a ku Mulanje ku Limbe kuti akakwere minibasi, ndipo ndakwera ndi adalaivala aja a Sienta yotuwa, amene tsopano nambala yanga anayisunga kuti "Chirimba chigayo". Akuti makasitomala awo onse amawasunga choncho, dera ndi chizindikiro, chifukwa mayina amafanana koma malo ayi.

Tadutsa pa Clock Tower, Ginnery Corner, chipatala cha Queen Elizabeth, Chichiri, Maselema, mumsewu wa Masauko Chipembere. Ngakhale mumsewu wa dzina ngati umenewu, iwo ndi anzawo akamayimbirana amatchula masiteji okhaokha. Ndawafunsa kuti alendo amalakwitsa chiyani kawirikawiri. Akuti choyamba ndi kunena kuti "m'tawuni" kapena "kumsika" basi. Blantyre ndi Limbe anali matawuni awiri mpaka anaphatikizidwa mu 1956, ndipo mpaka lero lililonse lili ndi msika wake ndi depoti yake. Munthu wa ku Bangwe akati akupita kumsika nthawi zambiri amatanthauza wa Limbe, wa ku Chilomoni amatanthauza wa Blantyre.

Chachiwiri ndi mayina akale. Sukulu ya ukachenjede ya Polytechnic inasintha kukhala MUBAS mu 2021, koma pasiteji aliyense amati pa Poly. Masitolo a Kandodo ndi PTC anatsekedwa, komabe malo ake akutchulidwa ndi mayina omwewo. Kwa dalaivala wakale dzina lakale ndi limene limagwira ntchito, koma mlendo amene akuyang'ana chikwangwani sachipeza. Akuti njira yabwino ndi kutchula zonse ziwiri, dzina limene anthu amanena ndi chimene chalembedwa pakhomapo lero.

Anakambanso za Chilobwe ndi madera a m'munsi mwa phiri la Soche. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, matope ndi miyala zinakokolola nyumba, timilatho ndi njira, ndipo akuti kwa nthawi yaitali ankalandira malangizo otchula zinthu zimene kulibenso, kuchokera kwa achibale a kutali amene anafikako komaliza zisanachitike. Mawu awo anatsika pokamba zimenezi, ndipo tonse m'galimoto tinakhala chete kwa kanthawi. Kuchokera nthawi imeneyo, munthu akamawalondolera amamufunsa kaye kuti anafikako liti komaliza.

Bungwe la MACRA lili ndi ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba, ndipo ndikuyifunira zabwino, makamaka poganizira ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto zimene sizingadikire kuti munthu ayime pakona ndi tochi. Adalaivala akuti nambala idzawathandiza kusankha geti akafika mumsewu wolondola, koma pomwe asiyire tala adzafunabe kuuzidwa.

Nditabwerera ku Chirimba ndaukonzanso uthenga uja ndi kuusunga mufoni ya azakhali uli pawiri, wa masana ndi wa usiku. Wa usiku uli ndi ngalande, malo oyima munthu wa tochi, ndi mawu oti mvula ikagwa tikumane pathiransifoma. Azakhali akuti mwini chigayo akufuna kuchisamutsira pafupi ndi msika chaka chamawa. Ndawauza kuti chikadzachoka adzalembe kuti "pomwe panali chigayo, nyumba ya malata aatali", ndipo adzawonjeze ngalandeyo muuthenga wa masana.